Nambala 7 Ndi ya Ndani? Kuzindikira Wosewera pa Chithunzi cha Mpira

Tiyerekeze kuti mwapeza chithunzi chakale cha mpira, chopanda mawu alionse pansi pake. Wojambula anali patali, cham'mbali mwa bwalo. Wosewera wavala jezi yofiira ndi kabudula woyera, wawerama akutchera mpira kuti amenye firikiki, ndipo nkhope yake sikuoneka bwino. Dzina la kumsana labisika. Zimene zikuwerengeka ndi nambala 7 pa mwendo wa kabudula, mawu akuti Vodafone pachifuwa, ndi baji ya Manchester United. Chapatali aima osewera a jezi za buluu, akudikira mpirawo.

Mukachionetsa chithunzichi kwa anthu okonda mpira, mayankho sachedwa. Wina anena kuti ndi David Beckham, wina alumbira kuti ndi Cristiano Ronaldo, ndipo onse awiri aloza nambala yomweyo ngati umboni wawo. Apa mpamene ambiri amasokera. Nambala payokha siitchula munthu. Ili ngati nyumba ya lendi: khomo ndi lomwelo, koma okhalamo amasinthasintha, ndiye wofuna kudziwa mwini wake ayambe wafunsa kuti tikunena chaka chiti.

Taonani okha amene avalapo nambala 7 ku Manchester United chichokere m'zaka za m'ma 1990. Anavala Eric Cantona, kenaka Beckham kuyambira 1997 mpaka 2003, Ronaldo kuyambira 2003 mpaka 2009, Michael Owen, Antonio Valencia, Angel Di Maria, Memphis Depay, Alexis Sanchez, Edinson Cavani, Ronaldo kachiwiri, ndi Mason Mount. Anthu khumi pa jezi imodzi. Ndipo sikuti nthawi zonse nambala imadikira kuti sizoni ithe. Mu Ogasiti 2021 Cavani anasewera atavala 7, koma Ronaldo atabwerera anamusiyira, iye n'kutenga 21.

Kale zinali zovuta kuposa pamenepa. Ku England, nambala yokhazikika ya wosewera aliyense komanso dzina kumsana zinayamba mu ligi yaikulu mu sizoni ya 1993/94. Izi zisanachitike, oyamba masewero ankavala 1 mpaka 11 malinga ndi malo amene akusewera tsiku limenelo. Munthu amene wavala 7 Loweruka lino ankatha kuvala 11 Loweruka linalo. Choncho pa chithunzi cha m'ma 1980, nambala imangokuuzani mbali ya bwalo imene munthuyo amasewera, osati dzina lake.

Jezi imanena chaka chake

Ntchito yoyamba ndi kupeza zaka za jeziyo, ndipo pamenepa kampani zimene zimalemba maina awo pachifuwa zimatithandiza mosadziwa. Aliyense amene amasankhula zovala pa kaunjika amadziwa kuti jezi za Manchester United sizifanana mawu. Sharp inakhala pachifuwa kuyambira 1982 mpaka 2000. Vodafone inalowa mu 2000 n'kutuluka mu 2006. Pambuyo pake panabwera AIG mpaka 2010, Aon mpaka 2014, Chevrolet mpaka 2021, kenaka TeamViewer ndi Snapdragon.

Mawu a Vodafone pa chithunzi chathu achotsa kale anthu asanu ndi atatu. Cantona anasiya mpira mu 1997, ndipo Owen ndi onse omutsatira anabwera Vodafone itapita. Atsala awiri omwe aja amakanganirana.

Tsopano yang'anani kachizindikiro kakang'ono ka kampani yosoka jezi, kamene kamakhala kudzanja lamanja la chifuwa. Mpaka 2002 jezi za United zinkasokedwa ndi Umbro, ya chizindikiro cha madayamondi awiri, lina mkati mwa linzake. Kuyambira 2002 mpaka 2015 zinali za Nike. Mukaona Vodafone ndi Umbro pamodzi, nkhani yathera pomwepo: ndi pakati pa 2000 ndi 2002, ndipo 7 ndi Beckham, chifukwa Ronaldo anali adakali mnyamata ku Sporting kwawo ku Portugal. Koma tinene kuti pa chithunzi chathu pali kachizindikiro ka Nike. Ndiye kuti tili pakati pa 2002 ndi 2006.

M'zaka zinayi zimenezi United inavala mitundu iwiri ya jezi yofiira, poti masiku amenewo jezi imodzi inkatha masizoni awiri, osati monga lero pamene chaka chilichonse amatulutsa yatsopano kuti ochemerera agulenso. Ina inavalidwa kuyambira 2002 mpaka 2004, inayo kuyambira 2004 mpaka 2006. Yachiwiriyo Beckham sanaivalepo, popeza anapita ku Real Madrid mu 2003 kumene ankavala 23. Koma yoyambayo ndiyo yobweretsa mkangano. Beckham anaivala mu sizoni yake yomaliza ya 2002/03, ndipo Ronaldo anaivala mu sizoni yake yoyamba ya 2003/04. Jezi yomweyo, nambala yomweyo, mawu omwewo pachifuwa. Mukayerekeza kolala ndi kasokedwe n'kupeza kuti ndi imeneyi, jezi ya United yanena zonse zimene ikudziwa, ndipo siingakupititseni patali kuposa apa.

Funsani timu inayo

Anthu ambiri amatha nthawi yonse akuyang'anitsitsa wosewera amene akumufunayo, n'kuiwala kuti pa chithunzi pali timu ziwiri. Kwa ine, wosewera wa timu inayo ndiye mboni yodalirika kwambiri, chifukwa timu ziwiri sizikumana kawirikawiri. Mu ligi ya England zimakumana kawiri pa sizoni, ndipo zikapitirira apo ndiye kuti zakumananso m'chikho.

Nthawi zina timu inayo imayankha funso lonse yokha. Wolverhampton Wanderers, ya makaka achikasu cha golide, inalowa mu ligi yaikulu mu 2003, ndipo mu sizoni ya 2002/03 sinakumane ndi United mu mpikisano uliwonse. Choncho 7 wa jezi imeneyi akaoneka akulimbana ndi wosewera wa Wolves, ndi Ronaldo basi. Chimodzimodzi, Sunderland inatuluka mu ligi mu 2003, ndiye kuiona pa chithunzi chotere kukulozerani kwa Beckham.

Koma ife tili ndi a buluu, ndipo a buluu ku England ndi ambiri. Mtundu wokha sukwanira. Pafunika kuwerenganso chifuwa chawo. M'zaka ziwirizi Chelsea inali ndi mawu akuti Fly Emirates, Everton inali ndi Kejian, pamene Portsmouth inali ndi kamtima kofiira kolembedwa ty, chizindikiro cha kampani yopanga zidole. Tinene kuti mutakulitsa chithunzicho mwaona kamtimako. Ndi Portsmouth.

Wothamanga magazi apa akhoza kunena kuti wapeza yankho. Portsmouth inalowa mu ligi yaikulu mu 2003, pamodzi ndi Wolves ndi Leicester City, ndiye kuti Beckham anali atapita kale. Komanso chigoli choyamba cha Ronaldo ku United chinali cha firikiki, pa Old Trafford, pa 1 Novembala 2003, tsiku limene anagonjetsa Portsmouth ndi zigoli zitatu kwa duu. Zonse zikugwirizana bwinobwino.

Vuto n'lakuti iye wangoyang'ana ndandanda wa masewero a ligi, waiwala zikho. Pa 4 Januwale 2003, Portsmouth, ikadali mu ligi yachiwiri, inapita pa Old Trafford pomwepo kukasewera m'ndime yachitatu ya chikho cha FA. United inapambana 4-1, ndipo chimodzi mwa zigolizo anamwetsa Beckham, pa firikiki. Bwalo lomwelo, adani omwewo, chaka chomwecho cha 2003, ndipo onse awiri anamwetsa pa mpira woima atavala 7. Ndiye chifukwa chake posanthula ndandanda muyenera kutenga mipikisano yonse: ligi, zikho za m'dziko, zikho za kunja, ngakhale masewero opimana mphamvu a sizoni isanayambe.

Palinso masewero achitatu oti achotsedwe. Timu ziwirizi zinakumananso mu Epulo 2004 pa Fratton Park, kwawo kwa Portsmouth. Awa savuta kuwasiyanitsa. Bwalo la Portsmouth ndi laling'ono ndipo ochemerera ambiri amakhala a buluu, pamene Old Trafford ndi chimbwalo chachikulu chofiira. Kumbuyo kwa chithunzi, kumene maso sakonda kupita, ndi kumene kumanena bwalo: mipando, denga, zikwangwani zamalonda, ndi zovala za ochemerera.

Zotsala ndi zazing'ono

Tatsala ndi masiku awiri, wa Januwale ndi wa Novembala. Chowalekanitsa choyamba chili pamkono wa jezi. Timu za mu ligi yaikulu ya England zimasoka baji ya ligiyo pamkono, ndipo timu imene inatenga ligi sizoni yapitayo imavala baji ya golide. Mu Januwale 2003 akatswiri anali Arsenal, amene anatenga ligi ya 2001/02. United inatenga ya 2002/03, choncho baji ya golide inabwera pamkono wa jezi imeneyi mu sizoni ya Ronaldo. Kadontho kagolide pamkono n'kokwanira kukankhira chithunzicho ku Novembala.

Chachiwiri ndi anzake a wosewerayo amene alowa nawo m'chithunzi. Rio Ferdinand ankavala 6 mu sizoni ya 2002/03, chifukwa 5 inali ya Laurent Blanc. Blanc atapuma mpira mu 2003, Ferdinand anatenga 5, ndipo 6 inapita kwa Wes Brown. Ndiye ngati kumbuyoko kukuoneka msana wolembedwa Ferdinand, nambala imene ili pansi pa dzinalo ikuuzani sizoni. Goloboyi Tim Howard anabwera mu 2003 pamodzi ndi Ronaldo, pamene Juan Sebastian Veron anachoka chaka chomwecho kupita ku Chelsea. Aliyense mwa amenewa akaoneka, ngakhale mbuu, wakuthandizani.

Chachitatu ndi nsapato. Beckham ankavala za Adidas, za mizere itatu, pamene Ronaldo ankavala za Nike. Umboni uwu ndi wabwino kwa osewera otchuka amene ali ndi mgwirizano ndi kampani, koma kwa wosewera wamba ndi wofooka, poti iye amavala zimene wapeza.

Pomaliza mumatsegula ndandanda wa osewera a tsikulo kuti muone ngati munthu amene mukumuganizirayo analowadi m'bwalo, ndiponso nthawi yanji. Pa masewero a Novembala aja Ronaldo sanayambe nawo. Analowa cha kumapeto kwa chigawo chachiwiri. Chithunzi chikanaonetsa chikwangwani cha zigoli chikuwerenga mphindi 20, ndiye kuti penapake mwalakwitsa, mubwerere m'mbuyo. Koma ngati pali baji ya golide, nsapato za Nike, kamtima ka Portsmouth ndi mipando yofiira, mungalembe mopanda mantha kuti ndi Cristiano Ronaldo, pa Old Trafford, pa 1 Novembala 2003.

Wina anena kuti zonsezi n'kuvutika chabe, poti Beckham ndi Ronaldo safanana ngakhale pang'ono. N'zoona, ndipo ndawasankha dala kuti aliyense athe kutsimikizira yekha. Koma zithunzi zambiri zimene zimasowetsa anthu mtendere m'nyumba zolembera nkhani si za anthu otchuka chonchi. Zimakhala za mnyamata wa nambala 22 amene anasewera masizoni awiri n'kuzimirira, ndipo nkhope yake palibe akuikumbuka. Kwa ameneyo njira ndi yomweyi, ndipo palibe ina. Nkhope nayonso imanamiza: munthu akakhulupirira kale kuti akuona uje, maso amangovomereza.

Pamene jezi imanama

Pali nthawi zina pamene nambala ikuoneka bwinobwino koma wovalayo si mwini wake. Chofala kwambiri ndi kusinthana majezi masewero akatha. Wosewera wovala jezi ya timu ina, kabudula ndi masokosi a timu ina, thukuta lili chuchuchu, ameneyo nambala yake yeniyeni ili pa kabudula, osati kumsana.

Jezi yomwe ija ya United ili ndi chitsanzo china chomvetsa chisoni. Pa 22 Meyi 2004 United inagonjetsa Millwall 3-0 m'ndime yotsiriza ya chikho cha FA ku Cardiff. Popita kukalandira chikho, osewera anavala majezi olembedwa Davis, nambala 36, pokumbukira mnzawo Jimmy Davis amene anamwalira pa ngozi ya galimoto mu Ogasiti 2003. Munthu wosadziwa nkhaniyi, akangowerenga msana, alemba dzina la malemu pansi pa chithunzi cha Roy Keane.

Agoloboyi nawo amasokoneza. Goloboyi akavulala kapena akapatsidwa khadi yofiira pamene mwayi wosintha osewera watha, mmodzi mwa osewera a m'kati amavala jezi ya ugoloboyi ya mwini wake. Ferdinand zinamuchitikira mu Malichi 2008, ndipo adani anali Portsmouth yomweyo. Ngakhale mtundu wa yunifomu ukhoza kusintha masewero ali mkati. Mu Epulo 1996, United ikugonja 3-0 kwa Southampton pakutha pa chigawo choyamba, inavula yunifomu yotuwa n'kubwerera m'bwalo itavala ya buluu ndi yoyera. Zithunzi ziwiri za tsiku limenelo zimaoneka ngati za masewero awiri osiyana.

Musaiwalenso kuti nambala ya ku timu ya dziko siyenera kufanana ndi ya ku kalabu. Pamene Ronaldo ankavala 7 ku United, ku Portugal ankavala 17, chifukwa 7 inali ya Luis Figo mpaka 2006. Atapita ku Real Madrid mu 2009 anavala 9 kwa sizoni yathunthu, poti Raul anali asanachoke. Ndipo pa zikho za dziko lonse za 1978 ndi 1982, Argentina inagawa manambala motsatira zilembo za maina, moti Osvaldo Ardiles, wosewera pakati, anavala 1 mu 1982.

Chinanso ndi chithunzi chotembenuzidwa, chimene dzanja lamanja lapita kumanzere. Okonza magazini ndi oika zithunzi pa intaneti amachita zimenezi kuti wosewera ayang'ane kumene iwo akufuna. Chithunzi chotere chimasandutsa wamanzere kukhala wamanja, ndipo manambala ena, monga 2 ndi 5 a zilembo zamakona, amatha kusinthana. Yang'anani baji. Pa majezi ambiri imakhala kumtima, kumanzere kwa wovalayo. Ikakhala mbali inayo ndipo mawu a pa zikwangwani akuwerengeka chobwerera m'mbuyo, tembenuzani chithunzicho musanayambe china chilichonse.

Nanga zithunzi za kuno kwathu?

Njirayi imagwira ntchito ngakhale pa Kamuzu Stadium, kungoti zipangizo zake n'zochepa. Ofiira ndi oyera tiyamba taganiza Maule, buluu ndi woyera Manoma, buluu wowala ngati thambo Silver Strikers. Koma makaka nawo amatsata mwini ndalama. Pa nthawi imene Wanderers inkatchedwa Be Forward Wanderers, inkaoneka m'bwalo itavala yunifomu ya olenji, ndipo wosadziwa mbiriyi akhoza kukana kuti ndi Manoma. Maina amene timu ziwirizi zadutsamo ndiwo kalendala yathu. Bullets yakhalapo Bata, Total, Bakili, Nyasa; Wanderers yakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, Telecom, Be Forward, Mukuru. Mawu a pachifuwa akakuuzani nyengo, bwalo limachepetsanso zaka: chithunzi chojambulidwa pa masewero a pa Bingu National Stadium n'cha nthawi ya posachedwapa, popeza bwalolo linatsegulidwa mu Januwale 2017.

Chosavuta kwambiri ndi chithunzi cha ku mpikisano waukulu, chifukwa kumeneko wosewera aliyense amalembetsedwa ndi nambala imodzi mpaka mpikisano utatha, ndipo masewero amakhala owerengeka. Flames yapita ku ndime yotsiriza ya chikho cha Africa mu 1984, mu 2010 ndi mu mpikisano wa 2021. Ku Cameroon inasewera kanayi kokha: inagonja 1-0 kwa Guinea, inagonjetsa Zimbabwe 2-1, inalepherana ndi Senegal popanda womwetsa, onse atatu ku Bafoussam, kenaka inagonja 2-1 kwa Morocco ku Yaounde. Mukangozindikira baji ya timu inayo, mwapeza tsiku. Ndipo ngati osewera a Flames akukondwerera chigoli, Guinea ndi Senegal zachoka kale, komanso womwetsayo ndi mmodzi, chifukwa zigoli zonse zitatu za Malawi pa mpikisanowu anamwetsa Gabadinho Mhango. Samalani ndi deti lokha: zikwangwani za m'bwalo zikunena 2021, koma masewerowo anachitika mu Januwale 2022.

Chovuta chili pa masewero a ligi, opimana mphamvu, ndi a timu za m'maboma. Majezi ambiri sakhala ndi dzina kumsana, nambala imatha kusinthana eni popanda wolengeza, ndipo timu zina zazing'ono zimasewera zitavala yunifomu ya Arsenal kapena Barcelona imene wina anawagulira. Pa chithunzi chotere baji ya Arsenal siikutanthauza kanthu. Chokutsimikizirani ndi pepala la maina a osewera limene timu imapereka kwa oyimbira masewero asanayambe, lipoti la nyuzipepala ya mawa lake, kapena wojambula mwini wake, amene kamera yake imasunga tsiku ndi ola mu fayilo ya chithunzi. Fayilo yoyambirirayo ndiyo yofunika kuipempha, chifukwa chithunzi chimene chayenda pa WhatsApp nthawi zambiri chimafika chitataya zonsezo.

Zikapanda kupezeka, lembani zokhazo zimene chithunzicho chikutsimikiza: wosewera wa Silver Strikers wa nambala 14, pa masewero olimbana ndi Wanderers. Mawu amenewa ndi osakoma kwenikweni, koma wowerenga amene anali pabwalo tsikulo akhoza kubweretsa dzina, pamene dzina lolakwika likangosindikizidwa ena amalikopera chomwecho kwa zaka zambiri.